Mmene telala watsopano angadziyerekezere ndi atelala anzake pamsika wa m'tauni

Atelala ambiri amene angomaliza kumene kuphunzira ntchito amalephera pa chinthu chimodzi asanasoke n'komwe chovala choyamba. Amazungulira msika tsiku limodzi, kufunsa mitengo kwa atelala awiri kapena atatu, kenako n'kuika mtengo wawo pansi pang'ono pa wotsika kwambiri, poganiza kuti makasitomala athamangira kwa iwo. Ikatha miyezi itatu amapeza kuti makina sakupuma, msana ukuwawa, koma ndalama ya lendi ikuvutabe. Vuto limakhala lakuti anayerekeza mitengo ya ntchito zosafanana, ndipo sanafufuze chimene makasitomala a pamsikapo akudandaula nacho. Malangizo awa akufotokoza mmene mungachitire kafukufukuyu m'masabata awiri, potengera msika ngati wa Limbe, pomwe atelala a m'makhonde a masitolo, a m'mashopu, a m'kati mwa msika ndi ogulitsa kaunjika onse akulimbirana anthu omwewo.

## Zofunika kukhala nazo

Mufunika kope limodzi la sukulu lomwe simudzalembamo china chilichonse, cholembera, rula, tepi yanu yoyezera ndi foni yokhala ndi kakyuleta. Mufunikanso zitenje ziwiri zofanana mtundu ndi kukula, thalauza limodzi la kaunjika lokukulirani kapena lakufa zipi loti mukafunsire nalo mtengo wa ntchito zokonza, ndi ndalama yokwanira kusoketsa madiresi awiri pa mtengo wa pamsikapo. Pomaliza pezani munthu mmodzi wokhulupirika, monga mchemwali wanu kapena mnzanu wa kutchalitchi, amene atelala a pamsikapo samudziwa kuti ndi wanu ndipo akufunadi diresi.

Ndalama yosoketsera ija ena amaiona ngati yotayika, koma ndi imene imakuonetsani zinthu zimene pakamwa pa telala simungazimve. Ngati simungakwanitse madiresi awiri, soketsani imodzi, koma musasiyiretu.

## Gawo 1: Sankhani ntchito zitatu zokha zoti muyerekeze

Telala amasoka zinthu zambiri, ndipo mukayamba kufunsa mtengo wa suti, wa diresi ya ukwati, wa makatani ndi wa yunifolomu nthawi imodzi, kope lidzadzaza koma simudzatolamo kanthu. Sankhani ntchito zitatu zimene mumazitha bwino ndipo zimabwera kawirikawiri. Kwa woyamba kumene pamsika wa m'tauni, zitatuzo nthawi zambiri zimakhala diresi wamba ya chitenje, yunifolomu ya mwana wa pulayimale, ndi ntchito zokonza monga kubweza thalauza kapena kusintha zipi.

Ntchito iliyonse muilembe mwatsatanetsatane pa tsamba loyamba, ndipo mawu omwewo ndi amene muzinena kwa telala aliyense. Musalembe kuti "diresi" basi. Lembani kuti ndi diresi ya munthu wamkulu, yofika m'munsi mwa mawondo, ya manja aafupi, ya zipi kumbuyo, yopanda lainingi, nsalu yobwera ndi kasitomala.

Chenjezo: apa ndi pamene ambiri amayambira kusochera. Mukafunsa telala wina za diresi ya lainingi, wina n'kumufunsa yopanda lainingi, mitengo iwiriyo singayerekezedwe, chifukwa lainingi imawonjezera nsalu komanso imawonjezera nthawi yosoka, popeza ili ngati kusoka diresi yachiwiri m'kati mwa yoyamba.

## Gawo 2: Jambulani mapu ndipo musankhe opikisana nawo enieni

Imani pamalo pomwe mukufuna kuika makina anu, kenako yendani mphindi zisanu kulowera mbali iliyonse, mukulemba pamapu a pamanja telala aliyense amene mwamuona. Onetsaninso pomwe anthu amatsikira minibasi, masitolo ogulitsa nsalu ndi mabenchi a kaunjika, chifukwa malo atatuwa ndi amene amatsogolera mapazi a kasitomala. Mayi amene wangogula chitenje m'sitolo amayamba waona telala wa pakhonde la sitoloyo, ndipo mnyamata amene wagula jinzi yomukulira amafuna makina omwe ali pafupi ndi pomwe wagulapo.

Pa atelala onse amene mwawapeza, sankhanipo anayi kapena asanu osiyana kachitidwe: mmodzi wa pakhonde, mmodzi wa shopu yokhala ndi makina angapo, mmodzi wokonza zovala pafupi ndi kaunjika, ndi mmodzi amene akufanana kwambiri ndi mmene inu mudzakhalire. Wofanana nanuyo ndiye wofunika kuposa onse, ngakhale kuti maso amakonda kuthamangira ku shopu yaikulu ya galasi. M'kope musalembe maina awo. Apatseni zilembo monga A, B, C ndi D, kuti kopelo likagwera m'manja mwa munthu wina lisabweretse udani.

Musaiwale opikisana nawo amene alibe makina. Kaunjika ndi zovala zosokeratu za m'masitolo zimaika malire pa mtengo umene munthu angalole kulipira pa shati kapena siketi wamba, choncho lembaninso mitengo yake. Ngati shati yabwino ya kaunjika ikutsika mtengo kuposa kusoketsa kokha, nsalu osawerengera, dziwani kuti kusoka mashati wamba si kumene mungadalire. Kumbali ina, kaunjika yemweyo ndi amene amabweretsa ntchito yobweza ndi yofupikitsa.

## Gawo 3: Khalani pansi muone musanafunse kanthu

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo gawo ili limafuna zimenezo. Pezani pokhala pomwe mungaone telala mmodzi kapena awiri popanda kuwasokoneza, ndipo mukhale ola lathunthu. Chitani zimenezi katatu: m'mawa wa tsiku la m'kati mwa sabata, madzulo anthu akuweruka kuntchito, ndi Loweruka cha kummawa. Pa telala aliyense werengani magulu atatu a anthu: obweretsa ntchito, otenga chovala chomwe chatha, ndi obwera kudzatenga koma n'kubwerera chimanjamanja.

Gulu lachitatuli ndi limene lili ndi phindu lalikulu kwa inu. Munthu amene wafika, walankhula ndi telala mphindi ziwiri, telala akuloza mulu wa nsalu kapena akuloza waya wa magetsi, ndipo munthuyo wachoka nkhope itagwa, wauzidwa mawu odziwika aja akuti "mubwere mawa". Mukaona anthu otere awiri kapena atatu m'ola limodzi pa telala mmodzi, mwapeza anthu amene ali okonzeka kuyesa kwina.

Chenjezo: mulu wa zitenje pambali pa makina sutanthauza nthawi zonse kuti bizinesi ikuyenda. Ukhoza kutanthauza kuti telalayo ali ndi makasitomala ambiri, koma ukhozanso kutanthauza kuti amalandira ntchito ndi dipoziti n'kumazengereza. Njira yosiyanitsira ndi yosavuta. Lembani maonekedwe a zitenje zitatu kapena zinayi zimene zili pamuluwo, monga chobiriwira cha maluwa achikasu, ndipo mubwerenso pakatha sabata. Ngati zitenje zomwezo zidakali pomwepo zosadula, muluwo ndi wa ngongole ya ntchito. Chimodzimodzinso zovala zopachikidwa: ngati diresi yomweyo yakhala pa waya mpaka kufumbi, mwina ndi yoonetsera, mwina mwini wake anaikana kapena walephera kumaliza kulipira.

Pamene mukuona, lembaninso zida zimene aliyense ali nazo. Kodi makina ndi opalasa ndi mwendo kapena a magetsi? Kodi ali ndi ovaloko yakeyake, kapena amatuma mwana kukachititsa kwa wina? Kodi amasita ndi simbi ya makala kapena ya magetsi, ndipo ali ndi kachipinda kapena nsalu yotchinga poyesera chovala? Magetsi akazima, wa makina opalasa amapitiriza ntchito pomwe wa makina a magetsi okhaokha waima, ndipo kusiyana kumeneku kumaonekera pa tsiku lotenga chovala.

## Gawo 4: Funsani mitengo, koma mufunse mtengo wonse

Pitani nokha kapena tumani mnzanu uja, atanyamula chitenje m'manja, chifukwa munthu wopanda nsalu amapatsidwa mtengo wongomuchotsa. Mupereke moni mwaulemu, kenako mufunse motsatira zimene munalemba pa tsamba loyamba. Mwachitsanzo: "Bambo, ndimafuna diresi ya manja aafupi, ya zipi kumbuyo, yopanda lainingi. Mungandisokere ndalama zingati?" Akatchula mtengo, musathokoze n'kuchoka, chifukwa mafunso ofunika ndi otsatirawo. Funsani ngati zipi, mabatani ndi sitifeningi zili momwemo kapena mubweretse nokha, ngati m'kati adzachita ovaloko pa mtengo womwewo, dipoziti ndi yochuluka bwanji, mudzatenga liti, ndiponso ngati amalipiritsa kukonza chovala chikapanda kukwana bwino. Funsaninso ngati amalandira ndalama kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, popeza kasitomala wa muofesi nthawi zambiri sayenda ndi ndalama zambiri m'thumba.

Kenako nenererani pang'ono monga amachitira aliyense: "Mayi, simungandichotsereko?" M'kope mulembe mitengo iwiri, woyamba kutchula ndi womaliza. Mtengo womaliza ndi umene makasitomala amalipiradi, ndipo ndi umene muyenera kuyerekeza. Lembani mukangopatuka pamalopo, osati pamaso pa telala, komanso osadikira madzulo pamene mitengo ya anthu anayi yasakanikirana m'mutu.

Pambali pa mtengo uliwonse ikani deti. Zipi, ulusi, singano ndi nsalu zambiri zimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mitengo yake imakwera msanga, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mtengo wopanda deti ukhoza kukupusitsani pakangotha miyezi yochepa.

Chenjezo: musasiye nsalu kwa telala pomwe mulibe cholinga chosoketsa, ndipo musajambule ntchito ya munthu pafoni osapempha. Anthu amenewa mawa adzakhala anansi anu. Ndi iwo amene adzakubwerekeni bobini, kukuchitirani ovaloko, kukuuzani mmisiri wokonza makina, ngakhale kukupatsirani ntchito ikawachulukira. Ngati wina wakufunsani mwachindunji, ndi bwino kunena zoona kuti mukufuna kuyamba ntchito yomweyi kusiyana ndi kudzagwidwa bodza mutakhala kale pakhonde loyandikana nalo.

## Gawo 5: Soketsani, kenako tembenuzani chovalacho

Sankhani atelala awiri, amene akufanana nanu kwambiri ndi amene akuoneka kuti ali ndi anthu ambiri, ndipo mnzanu uja akasoketse diresi yofanana kwa aliyense. Lembani tsiku limene analonjeza, tsiku limene diresi inatulukadi, ndi maulendo amene mnzanuyo anayenda. Mufunseninso ngati telala anamuyeza ndi kulemba miyezo m'buku kapena anangoyang'ana ndi maso, ndiponso ngati anamupatsa lisiti ya dipoziti.

Diresi ikabwera, ayambe waivala mwini wake, akweze manja, akhale pansi, kuti muone ngati m'khwapa ndi m'chiuno mukumanga. Mukatero itembenuzeni, chifukwa luso la telala limaonekera m'kati. Yezani ndi rula kuchuluka kwa timisoko: pa nsalu ya chitenje, timisoko 4 kapena 5 pa sentimita imodzi ndi tabwino, pomwe timisoko titalititali, tiwiri kapena titatu pa sentimita, timasonyeza kuti telala amathamangitsa ntchito ndipo msokowo sukhalitsa. Kokani msoko pang'ono mbali zonse. Ulusi ukamaoneka ngati mano pakati, kapena pansi pakakhala timalupu, ndiye kuti makina sanachunidwe bwino. Onani nsalu yotsala kuseri kwa msoko. Pafupifupi sentimita imodzi ndi theka imalola kuti chovala chidzakulitsidwe, pomwe telala wodula mpaka pafupi ndi ulusi wasiya chovala chimene chidzasosoka pochapa. Onani ngati m'mphepete mwachitidwa ovaloko kapena zigizagi, ngati zipi yagona mosatukumuka, ngati mpendero uli wofanana kuzungulira, ndiponso ngati maluwa a chitenje akumana bwino kutsogolo osazondoka. Chinthu china chimene amayi ambiri amadana nacho ndi kuona malemba a m'mphepete mwa chitenje akuonekera kunja kwa diresi.

Pa chilichonse mwa zimenezi musalembe mawu ngati "bwino" kapena "sizili bwino", chifukwa pakatha sabata simudzakumbukira chimene mumatanthauza. Lembani chimene mwaona: timisoko 3 pa sentimita, opanda ovaloko, zipi yatukumuka m'munsi. Ndipo kuti chilungamo chioneke, tengani diresi imene munasoka inuyo muiyeze ndi rula yomweyo. Atelala ambiri atsopano amaona zolakwa za anzawo msanga, koma yawo saitembenuza.

## Gawo 6: Mverani makasitomala, osati atelala okha

Lankhulani ndi anthu osachepera khumi amene amasoketsa pamsikapo, monga ogulitsa nsalu, amayi a m'mabenchi, makolo a ana a sukulu ndi amayi a m'mabungwe a mpingo monga a Mvano kapena a Dorika, omwe amasoketsa mayunifolomu. Musawafunse ngati angabwere kwa inu, chifukwa mwaulemu aliyense adzavomera. Afunseni za zimene zinachitika kale: anasoketsa kwa ndani komaliza, anasankhiranji ameneyo, ndipo chinawakhumudwitsa n'chiyani. Dandaulo limene labwerezedwa ndi anthu atatu kapena kuposa mulilembe m'munsi mwa telala wake. Ogulitsa nsalu amadziwa zambiri, popeza makasitomala amawafunsa tsiku lililonse kuti telala wabwino ali kuti, ndipo amabwereranso kudzawadandaulira nsalu ikaonongedwa.

## Gawo 7: Ikani zonse pa tsamba limodzi ndipo muwerengere

Tsegulani masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere tsitsani zilembo za atelala, ndipo mzere womaliza ukhale wanu. Pamwamba lembani mitu isanu ndi umodzi: mtengo womaliza, zimene zili mu mtengowo, masiku olonjeza, masiku enieni, kasokedwe, ndi dandaulo la makasitomala. Mitu ikapitirira apa tsambalo limasiya kulankhula.

Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi cha diresi ya chitenje ija. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongophunzitsira kawerengedwe, ndipo inu mudzaikapo imene mwapeza pamsika wanu.

Telala A ali pakhonde la sitolo ya nsalu, ali ndi makina opalasa, ndipo mtengo wake womaliza ndi K9,000. Zipi amabweretsa kasitomala, ndipo wofuna ovaloko amawonjezera. Analonjeza masiku 3 koma diresi inatuluka patatha masiku 8. Telala B ali ndi shopu, makina atatu ndi ovaloko, amalipiritsa K18,000 zonse momwemo, kasokedwe kake ndi kosadandaulitsa, ndipo amalonjeza sabata n'kusungadi. Telala C ali pafupi ndi kaunjika, amasintha zipi pa K2,000 munthu akudikira, ndipo madiresi safuna kwenikweni. Telala D ndi mayi wa m'kati mwa msika amene akufanana nanu. Amalipiritsa K12,000 zonse momwemo, amasoka bwino ndithu, koma analonjeza masiku 5 n'kupereka patatha masiku 10.

Choyamba, fananitsani mitengoyo kuti ikhale ya ntchito imodzi. Ngati zipi ndi K1,000 ndipo ovaloko ndi K1,000, diresi ya kwa A imamudyera kasitomala K11,000, osati K9,000. Kusiyana kwa A ndi D kumene kumaoneka ngati K3,000 kwatsala K1,000 yokha. Munthu amene anangofunsa mtengo pakamwa akanaika wake pa K8,000 kuti apose A, osadziwa kuti akupikisana ndi mtengo umene palibe kasitomala amalipira.

Chachiwiri, werengerani zimene diresiyo imakudyerani inuyo. Tinene kuti ulusi, zipi, sitifeningi ndi kulipira ovaloko kwa mnzanu zikukwana K2,500. Tinenenso kuti lendi ya malo mutaigawa pa masiku ogwira ntchito, tikiti ya msika ya khonsolo, makala a simbi ndi thiransipoti yanu zikukwana K5,000 pa tsiku. Ngati mumasoka maola 8 pa tsiku ndipo diresi imodzi, kuyambira kudula mpaka kusita, imakutengerani maola 4, ndiye kuti diresi iliyonse imasenza theka la ndalama ya tsiku, yomwe ndi K2,500. Diresiyo yadya K5,000 musanadzilipire inuyo.

Tsopano onani chimene mtengo wa K8,000 ukutanthauza. Mutsala ndi K3,000 pa maola anayi, kapena kuti K750 pa ola. Pa mtengo wa K13,000 mutsala ndi K8,000, yomwe ndi K2,000 pa ola. Kuti wotchipitsa uja apeze ndalama imene mnzake wapeza pa diresi imodzi, ayenera kusoka pafupifupi madiresi atatu, chikhalirecho manja ake amatha awiri okha pa tsiku. Apa ndi pamene kutchipitsa kumasanduka kuchedwetsa: amalandira ntchito yoposa mphamvu zake pofuna madipoziti, ndipo posakhalitsa nayenso wayamba kunena kuti mubwere mawa.

Chitani chimodzimodzi ndi ntchito ya C, imene ambiri ophunzira kusoka amaiderera. Pa K2,000 ya kusintha zipi, chotsanipo K500 ya zipi ya thalauza ndi pafupifupi K300 ya ndalama ya tsiku pa theka la ola limene ntchitoyo imatenga. Mutsala ndi pafupifupi K1,200 pa theka la ola, kapena K2,400 pa ola, kuposa diresi ya K13,000 ija. Malire ake ndi akuti ndalama imeneyi imakhalapo pokhapokha anthu akubwera motsatizana, ndipo zimenezi zimadalira malo. C ali pomwe anthu amagulira jinzi, pomwe inu mukakhala kuseri kwa msika mungapeze zipi ziwiri tsiku lonse. Choncho chiwerengero cha anthu chimene munalemba mu gawo lachitatu chiyenera kuwerengedwa limodzi ndi mtengo.

## Gawo 8: Sankhani mpata umodzi ndipo muuyese mwezi umodzi

Tsamba lija likuonetsa kuti pakati pa K12,000 ndi K18,000 palibe aliyense, ndipo pansi pa K18,000 palibe amene amasunga tsiku. Umenewo ndiwo mpata: diresi yosokedwa mwaukhondo m'kati, pa K13,000 kapena K14,000, yotuluka pa tsiku limene lalembedwa pa lisiti. Simukufunika kuposa B pa luso kapena kuposa A pa kutchipa. Mukufunika kutenga anthu amene amabwerera chimanjamanja kwa A ndi D koma sangakwanitse mtengo wa B.

Lonjezo limeneli liyenera kugwirizana ndi mphamvu zanu. Ngati mumatha madiresi awiri pa tsiku ndipo mukulonjeza masiku anayi, pamzere pasakhale madiresi oposa asanu ndi atatu, ndipo ndi nzeru kuimira pa asanu ndi limodzi kuti mutsale ndi mpata wa maliro, matenda, kuzima kwa magetsi kwa amene amakuchitirani ovaloko, ndi ntchito zing'onozing'ono zokonza. Wachisanu ndi chiwiri akabwera, muuzeni tsiku lenileni ngakhale litakhala patali. Ena adzachoka, ndipo zimenezo n'zopweteka kwa munthu amene akungoyamba, koma kuwalandira ndi kutaya chinthu chokhacho chimene chikukusiyanitsani ndi anzanu.

Ngati tsamba lanu laonetsa kuti aliyense amasunga tsiku, amasoka bwino ndipo mitengo ili pansi pa zimene inu mungakwanitse, musadzikakamize kupeza mpata pomwe palibe. Yesani ntchito ina mwa zitatu zija, kapena bwerezani mapu anu kumbali ina ya tauni musanalipire lendi.

## Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwa chachikulu ndi kuchita kafukufuku m'nyengo imodzi n'kuganiza kuti chaka chonse chili choncho. Kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala, pamene chaka cha sukulu chikuyamba, telala aliyense amadzaza ndi mayunifolomu, ndipo ngakhale wosunga nthawi amachedwa. Ntchito ya zitenje imachuluka m'miyezi ya zinkhoswe ndi maukwati, chakufupi ndi Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala, nyengo ya Khirisimasi ndi ya Idi. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ndalama za mabanja ambiri zapita ku chakudya, feteleza ndi fizi, atelala amatsitsa mitengo ndipo amatulutsa ntchito msanga chifukwa makina ali chete. Wofufuza mu Seputembala adzaganiza kuti msika ukusowa atelala, pomwe wofufuza mu Febuluwale adzaganiza kuti palibe amene amachedwetsa. Funsani ogulitsa nsalu mmene miyezi ina imakhalira, ndipo mubwereze gawo lachitatu ndi lachinayi pakatha miyezi itatu iliyonse.

Cholakwa chachiwiri ndi kukhulupirira mtengo umene mnzanu wa ntchito wakuuzani mukucheza. Telala akamalankhula ndi telala mnzake amatchula mtengo umene amalakalaka, ndipo ena amatchula wotsika dala kuti watsopano agwe ulesi. Mtengo woona ndi umene kasitomala watulutsa m'thumba.

Ena amayerekeza mtengo wa yunifolomu imodzi ndi mtengo wa telala amene ali ndi mgwirizano ndi sukulu. Wosoka mayunifolomu ambiri a saizi zofanana amagula nsalu ya mpukutu, amadula zingapo nthawi imodzi, ndipo mtengo wake pa chovala chimodzi simungaufikire posoka imodziimodzi. Ngati sukulu za pafupi zimauza makolo kokagula, msika umenewo ndi wotsekeka, ndipo chotsalira inu ndi ana a saizi zovuta ndi kukonza zong'ambika.

Palinso chizolowezi choiwala nthawi yosasoka. Maola amene mumathera poyeza kasitomala, kusankha naye sitayilo pafoni, kupita kukagula zipi ndi kukonza chovala chimene chabwezedwa salipidwa ndi aliyense. Ngati mwa maola 8 amene mumakhala pamsika mumasokadi maola 6, ndalama ya tsiku ija ya K5,000 muigawe pa 6, ndipo mudzaona kuti ola lililonse likusenza pafupifupi K830 m'malo mwa K625, zomwe zikukweza mtengo wotsikitsitsa umene mungavomere kasitomala akamanenerera.

Chomaliza ndi kugwiritsa ntchito zimene mwapeza ponyoza anzanu pamaso pa makasitomala. Mawu amayenda msanga pamsika, ndipo kasitomala amene mukumuuza kuti telala wa pakhonde amaononga nsalu akhoza kukhala mlamu wake. Zimene zili m'kope ndi zokuthandizani kuika mtengo ndi kulonjeza tsiku. Kwa kasitomala, tembenuzani diresi yanu mumuonetse m'kati, ndipo mumulembere pa lisiti deti lodzatenga.